Kumanga makina ochulukitsa manambala a mabiti atatu: mageti 9 a AND, mafulu-ada 6, ndi waya umodzi wosayenera kuuyiwala

Anzanga amene mukuphunzira za eletironika kuno ku Tete, kaya muli mu tauni, ku Moatize kapena kwathu ku Ulongwe, ntchito iyi idzakupezani basi, yomanga dera lochulukitsa manambala awiri, iliyonse ya mabiti atatu. Ine ndinaimanga kawiri, ulendo woyamba inandivuta masiku awiri athunthu chifukwa cha waya umodzi, ndiye ndati ndilembe mmene imayendera kuyambira pa pepala mpaka pa porotobodi, ndipo waya umenewo ndikuwonetsani pomwe uli.

Tiyambe ndi zomwe tikufuna. Nambala yoyamba tiitche A, mabiti ake ndi A2 A1 A0. Yachiwiri B, mabiti ake B2 B1 B0. Zonse ziwiri zilibe chizindikiro cha mainasi, ndiye iliyonse imayambira 0 kulekeza 7. Yankho lalikulu kwambiri ndi 7 × 7 = 49, ndipo 49 mu bayinale ndi 110001, mabiti 6. Choncho potulukira pakhala mawaya 6, P5 mpaka P0. Musayike asanu poganiza kuti akwana, asanu amalekeza pa 31.

Yambani ndi kaderenu, musakhudze waya

Chulukitsani ngati mmene tinkachitira ku pulayimale, mzere ndi mzere, mzere uliwonse kuusunthira kumanzere kamodzi. Ubwino wa bayinale ndi woti tebulo la taimusi ndi lalifupi kwabasi, 1 × 1 ndi 1, zina zonse ndi 0. Tayang'anani bwino, limeneli ndi tebulo la geti ya AND ndendende. Ndiye biti iliyonse ya A ikakumana ndi biti iliyonse ya B pakhala geti imodzi ya AND, atatu kuchulukitsa ndi atatu, mageti 9.

```
mtengo:  32    16     8     4     2     1
                         A2B0  A1B0  A0B0
                   A2B1  A1B1  A0B1
             A2B2  A1B2  A0B2
         P5    P4    P3    P2    P1    P0
```

Mzere wapamwambawo wa mtengo musaudumphe pojambula. Koluna iliyonse ili ndi mtengo wake, ndipo kuti mudziwe koluna ya geti iliyonse mungophatikiza timanambala take tiwiri: A1B1 ipita ku koluna ya P2, A2B1 ku P3, A2B2 ku P4. Lamulo lonse la dera limeneli ndi limodzi, zinthu zolowa mu ada imodzi zikhale za mtengo umodzi. Simungathire za mtengo wa 8 pamodzi ndi za mtengo wa 16. Mukagwira chimenechi, ngakhale chojambula chitatayika mukhoza kuchilembanso nokha.

Fulu-ada ndi kabokosi kolandira mabiti atatu a mtengo umodzi, X, Y ndi Cin, n'kutulutsa awiri. S imatsala mu koluna yomweyo, Cout imadumphira ku koluna yakumanzere ya mtengo wowirikiza kawiri. Cout imeneyi ndi ija aphunzitsi ankati vayi-umu powerengera pa bolodi, abale athu a kutsidya kwa Dedza amati tisunga wani. Ine ndizingoti vayi-umu. Mkati mwake muli izi:

```
S    = X xor Y xor Cin
Cout = X·Y + Cin·(X xor Y)
```

Kunena mwachidule, kabokosika kamawerenga kuti mwalowa ma 1 angati n'kulemba chiwerengerocho mu mabiti awiri. Akalowa awiri, Cout ndi 1, S ndi 0. Akalowa onse atatu, zonse ziwiri ndi 1.

Kuyala ma ada

P0 ilibe mnzake woti iphatikizane naye, ndi A0B0 basi, waya uchoka pa geti n'kupita ku ledi. Zotsalazo tiziphatikiza m'mizere iwiri, mzere uliwonse mafulu-ada atatu, tiwatche FA1 mpaka FA6. Mzere woyamba uphatikiza za B0 ndi za B1, wachiwiri utenga zomwe zatuluka pamenepo n'kuwonjezera za B2.

```
      X     Y     Cin   S    Cout
FA1   A1B0  A0B1  0     P1   C1
FA2   A2B0  A1B1  C1    S2   C2
FA3   0     A2B1  C2    S3   C3
FA4   S2    A0B2  0     P2   C4
FA5   S3    A1B2  C4    P3   C5
FA6   C3    A2B2  C5    P4   P5
```

Muwona kuti FA1, FA3 ndi FA4 aliyense ali ndi khomo limodzi lomwe lalembedwa 0. Pamenepa hafu-ada, ada ya makomo awiri okha yopanda Cin, ikanakwana, n'chifukwa chake mabuku ena amajambula mahafu-ada atatu ndi mafulu-ada atatu. Ife tikugwiritsa mafulu-ada okhaokha kuti timabokosi tonse tifanane, koma ziro ameneyo ndi waya weniweni wopita ku GND, si khomo longolisiya lili pululu ayi.

Tsono yang'anani FA6. Ili kumapeto kwa mzere wake ngati mmene FA3 ilili kumapeto kwa mzere woyamba, ndiye mutu umakuuza kuti nayonso X yake ndi 0. Si choncho. Pamenepo pakulowa C3, vayi-umu yotsiriza ya mzere woyamba. Ma vayi-umu ena onse amayenda cham'mbali kupita kwa ada woyandikana naye, koma C3 yokha ilibe woyandikana naye, ndiye imatsika pansi n'kulowa ngati biti wamba mu mzere wachiwiri. FA3 ili pa mtengo wa 8, vayi-umu yake ndi ya mtengo wa 16, ndipo ada ya mtengo wa 16 ndi FA6 yokha. Waya uja ndimanena ndi umenewu.

Tiyendetse 7 × 3 ndi manja

A ndi 111, B ndi 011. Chifukwa B0 ndi B1 ali 1 ndipo A yonse ndi ma 1, mageti 6 a mizere iwiri yoyamba akutulutsa 1 onse. B2 ndi 0, ndiye A0B2, A1B2 ndi A2B2 ali ziro.

P0 ndi 1. FA1 yalandira 1 ndi 1, akwana awiri, P1 ndi 0 ndipo C1 ndi 1. FA2 yalandira 1, 1 ndi C1 uja, atatu, ndiye S2 ndi 1, C2 nayonso 1. FA3 yalandira ziro wake, A2B1 amene ali 1, ndi C2, akwana awiri, S3 ndi 0, C3 ndi 1. Mzere wachiwiri ulibe chowonjezera, ungodutsitsa zomwe walandira: FA4 ipereka P2 = 1, FA5 ipereka P3 = 0, FA6 yalandira C3 yokha ndiye P4 ndi 1, P5 ndi 0. Kuwerenga kuchokera ku P5, 010101, ndiye kuti 16 + 4 + 1 = 21. Zakwana.

Taonani kuti 16 yense mu 21 wabwera pa C3. Mukadula waya umenewo n'kuyika ziro, 7 × 3 ikupatsani 5.

Chitaninso 7 × 7 nokha musanapitirire. Mzere woyamba sukusintha, S2 = 1, S3 = 0, C3 = 1, koma tsopano za B2 zonse ndi 1. FA4 ipereka 0 ndi vayi-umu, FA5 chimodzimodzi, FA6 ilandira ma 1 atatu n'kuyatsa P4 ndi P5. Mukapeza 110001 ndiye kuti mwamva.

Ngati muli ndi kompyuta, jambulani kaye mu Logisim, ndi yaulere ndipo siifuna intaneti mukaitsitsa. Tengani `Adder` musinthe `Data Bits` ikhale 1, yasanduka fulu-ada. Koma chenjerani ndi chinthu chimodzi, mu Logisim khomo la Cin mukalisiya losalumikiza pulogalamuyo imangoliwerenga ngati 0, ndiye dera limayenda bwinobwino pa sikirini, inu n'kuzolowera kusiya makomo. Tchipi chenicheni sichikhululuka choncho.

Zida

Mageti 9 a AND afuna matchipi atatu a 74HC08, chilichonse chili ndi mageti anayi, atsala atatu osagwira ntchito. Pa 74HC08 mwendo 14 ndi wa 5 V, mwendo 7 ndi GND. Mageti ake ali motere: 1 ndi 2 kutulukira pa 3, 4 ndi 5 kutulukira pa 6, 9 ndi 10 kutulukira pa 8, 12 ndi 13 kutulukira pa 11. Ine ndimakonda kupatsa tchipi chilichonse biti imodzi ya B, choyamba cha B0, chachiwiri cha B1, chachitatu cha B2, ndiye tchipi chimodzi ndi mzere umodzi wa mu kaderenu muja, pofufuza vuto sumasokonezeka. Geti yachinayi yotsalayo makomo ake olowera muwamangirire ku GND, potulukira pake musiye.

Ma ada mukhoza kuwamanga ndi timageti, koma werengani kaye. Fulu-ada imodzi ndi XOR ziwiri, AND ziwiri, OR imodzi. Kwa onse 6 ndiye matchipi atatu a 74HC86, atatu ena a 74HC08 ndi awiri a 74HC32, kuphatikiza atatu oyamba aja akwana 11, pa porotobodi imodzi sakwana ndipo mawaya ake ndi nkhalango. Pokhapokha aphunzitsi alamula choncho, tengani 74HC283 ziwiri. Tchipi chimenechi ndi ada ya mabiti anayi, ma vayi-umu a pakati analumikizidwa kale mkati, ndiye chimodzi chigwira mzere umodzi ndipo dera lonse ndi matchipi asanu. Zida zoterezi kuno sizipezeka paliponse, ambiri timachita kutumiza munthu wopita ku Maputo kapena ku Blantyre, ndiye potuma mumulembere nambala yonse. Akakubweretserani 7483 m'malo mwa 283, ntchito yake ndi yomweyo koma miyendo ndi yosiyana, magetsi ake ali pa 5 ndi 12 osati pa 16 ndi 8, musangochibaya potsata zomwe ndalemba pansipa.

Kupatula matchipi mufuna masiwichi 6 okhala ndi rezisita ya 10k iliyonse yokokera ku GND, maledi 6 aliyense ndi rezisita ya 1k, kakapasita ka 100 nF pafupi ndi miyendo ya magetsi ya tchipi chilichonse, ndi 5 V. Karegadori ya foni imakwana, koma ipimeni kaye ndi mita, zina za pamsika zimapereka zosiyana ndi zomwe zalembedwa. Ngati mwapeza matchipi a LS osati HC, 10k yokokera pansi ndi yaikulu kwambiri, siitsitsa khomo mokwanira. Pamenepo tembenuzani, rezisita ikokere ku 5 V, siwichi igwetsere ku GND.

Kulumikiza ma 283

Pa pepala la tchipichi miyendo yake inatchedwanso A1, B1, A2 ndi zina zotero, zofanana ndi mayina athu koma tanthauzo lina, ndiye ine ndigwiritsa manambala a miyendo okha.

```
mwendo    tchipi 1    tchipi 2
 5, 6     A1B0 A0B1   S2  A0B2
 4        P1          P2
 3, 2     A2B0 A1B1   S3  A1B2
 1        S2          P3
14, 15    GND  A2B1   C3  A2B2
13        S3          P4
10        C3          P5
```

Pa zonse ziwiri mwendo 16 ndi 5 V, 8 ndi GND, ndipo 7, 11 ndi 12 ipite ku GND. Mwendo 9 musaugwiritse. Apa ambiri amagwa, chifukwa mwendo 9 ndi umene walembedwa kuti ndi wotulutsa vayi-umu, ndiye munthu amathamangira kutenga C3 pamenepo. Koma ife tikugwiritsa ma ada atatu okha mwa anayi, vayi-umu ya wachitatu imalowa mwa wachinayi amene makomo ake onse ali pa ziro, n'kutulukira pa S yake, mwendo 10. Mwendo 9 udzakhala 0 mpaka kalekale.

Musamange zonse n'kudzayatsa pamapeto. Bayani matchipi a AND okha kaye, yatsani, pimani. Kenako tchipi 1, pimani. Kenako chachiwiri. Ndipo maledi muwayale P5 kumanzere P0 kumanja, mulembe mtengo wake pa kapepala pansi pa aliyense.

Mmene zinandichitikira

Ndinamanga usiku, kutentha kwa Tete kwa mu Novembala kuja koti ngakhale fani ikuzungulira thukuta likudonthera pa tebulo, ndinali nditatopa. Nditamaliza tchipi 1 ndinangokopera mawaya ake pa tchipi 2, ndiye mwendo 14 wa chachiwiri nawonso ndinaupititsa ku GND, mwendo 10 wa choyamba n'kutsala wopanda waya. Ndinayesa 2 × 3, 6. Ndinayesa 5 × 5, 25. 3 × 7, 21. 4 × 7, 28. Ngakhale 6 × 6 inatulutsa 36 bwinobwino. Ndinagona ndi mtima wokhazikika. Mawa lake mnzanga wa ku Tsangano amene tinkachita naye ntchitoyi anangofika n'kukweza masiwichi onse, maledi anawonetsa 100001, ndiye kuti 33 m'malo mwa 49. Anati, mano, 16 wapita kuti apa? Ine ndinayamba kusintha matchipi poganiza kuti china chapsa, tsiku lonse linathera pamenepo, mpaka tinabwerera ku kaderenu.

Chifukwa chomwe vutoli limabisala ndi ichi. Pa mawerengero onse 64, C3 imakhala 1 pa anayi okha. Pafunika B0 ndi B1 onse akhale 1, ndiye kuti B ndi 3 kapena 7, komanso A ikhale yaikulu mokwanira kuti mzere woyamba usefukire, ndiye kuti 6 kapena 7. A ikakhala 5 zimalekeza pa 5 × 3 = 15, sizifika pa 16. Choncho olakwika ndi 6 × 3, 7 × 3, 6 × 7 ndi 7 × 7 basi, amatuluka 2, 5, 26 ndi 33. Ena onse 60 amatuluka olondola.

Ndipo onani kuti 3 × 7 imapambana pamene 7 × 3 imalephera. Pa masamu ndi chinthu chimodzi, koma mu dera njira zake n'zosiyana, pa 3 × 7 biti ya 16 imabadwira mu FA5 n'kudzera pa C5, pa 7 × 3 imabadwira mu FA3 n'kudzera pa C3. Ndiye musamati ndayesa kale mbali iyi, inayo ndi chimodzimodzi.

Kayesedwe kabwino

Choyamba 0 × 0, maledi onse azime. Ngati wina wayaka kapena akuphethira mukayandikiza chala, pali khomo lomwe lili lendelende. Matchipi a HC khomo losalumikiza limangotola chilichonse mumpweya, a LS limakonda kuwerengedwa ngati 1, ndiye mwendo 14 wa tchipi 2 ukangosiyidwa pa LS mudzaona 0 × 0 ikupereka 16.

Chachiwiri yesani mageti a AND limodzilimodzi. Ikani A pa 1, 2 kapena 4, B chimodzimodzi, mayeso 9. Pa mayeso aliwonse geti imodzi yokha ndi imene ikutulutsa 1, palibe vayi-umu, ndiye payenera kuyaka ledi mmodzi yekha. 2 × 4 iyatse wa 8, ikuyesa A1B2. 4 × 2 iyatsenso wa 8 yemweyo koma ikuyesa A2B1. Akayaka ledi wolakwika, waya wa geti imeneyo walowa koluna ya eni. Pakapanda kuyaka aliyense, pimani potulukira pa getiyo, kenako mwendo wa 283 komwe wayawo ukufikira, nthawi zambiri ndi waya wosalowa bwino m'bowo.

Chachitatu ma vayi-umu. 3 × 3 = 9 imadzutsa C1 ndi C2. 7 × 3 ndi ya C3. 7 × 5 = 35 imayendetsa C4, C5 mpaka P5. Pomaliza 7 × 7. P5 nayo ndi yosowa, imayaka pa mawerengero 6 okha amene yankho lake lafika 32, omwe ndi 5 × 7, 7 × 5, 6 × 6, 6 × 7, 7 × 6 ndi 7 × 7, ndiye ngati munaitenga pa mwendo 9 simudziwa mpaka mutayesa amodzi mwa amenewa.

Yankho likalakwika musayambe n'kuzula matchipi ngati ine. Chotserani zomwe mwaona pa zomwe mumayembekezera. Kusiyanako kukakhala 16, vuto lili mu koluna ya 16, pimani miyendo 14, 15 ndi 13 ya tchipi 2. Kukakhala 4, pitani ku koluna ya 4. Waya umodzi wolowa kapena wotuluka mu ada ukasowa, kusiyana kumakhala mtengo wa waya umenewo, ndiye nambalayo yokha ikukuuzani poyika mita. Mukakhala ndi nthawi lembani tebulo la 8 kwa 8 n'kuyesa onse 64, sizitenga ola.

Malire ake

Dera limeneli lilibe wotchi, lilibe posungira, mukasintha siwichi yankho limangotsatira. Koma silifika nthawi imodzi. Pa chojambula cha mafulu-ada 6, njira yaitali kwambiri idutsa geti ya AND, kenako FA1, FA2, FA3, FA5 ndi FA6, ma ada asanu motsatizana, ndipo pamene vayi-umu ikuyenda maledi amadutsa mu manambala abodza. Ndi timananosekondi, diso silingaone, koma mukadzalumikiza potulukirapo ku rejisita ya wotchi muyenera kudikira njira yonseyo ithe musanagwire yankho.

Silidziwanso mainasi. Wina akaganiza kuti 111 ndi −1 monga mmene timalembera manambala a chizindikiro, dera ili liwerengabe 7 n'kupereka 49 pomwe iye amayembekezera 1, pamenepo sipali waya wolakwika, pafunika kamangidwe kena. Ndipo mukafuna kulikulitsa limadya zida msanga, mabiti anayi ndi mageti 16 a AND ndi ma ada 12, mabiti 8 ndi mageti 64 ndi ma ada 56. Pa mabiti anayi ma 283 akhala atatu, ma ada onse anayi a mkati agwira ntchito, ndiye pamenepo vayi-umu yotsika ija muitenge pa mwendo 9, ndipo mawaya otsika otere akhala awiri, wa mzere woyamba kulowa wachiwiri ndi wa wachiwiri kulowa wachitatu.